Kukana kulemba kalata ya umboni: zimene mungakane ndi zimene simungakane

Munthu amene munkagwira naye ntchito, kapena mwana amene munamuphunzitsa, akabwera kudzapempha lefelensi, muli ndi ufulu wokana. Koma pali pepala lina limene simungam'mane wantchito, ndipo mabwana ambiri mu Lusaka amasokoneza ziwirizi.

Lamulo la ntchito la Zambia la 2019, Employment Code Act, pa gawo 59, limasiyanitsa mapepalawa. Loyamba ndi satifiketi yosonyeza kuti munthu anagwira ntchito kwa inu. Ntchito ikatha, kaya wasiya yekha kaya mwamuchotsa, muyenera kum'patsa. Mmenemo mumalemba dzina lanu ndi lake, tsiku limene anayamba, tsiku limene anasiya, mtundu wa ntchito, komanso za ndalama zimene munkam'perekera kuthumba la penshoni monga NAPSA. Simulembamo zoti anali waulesi kapena wakhama. Lachiwiri ndi kalata yochitira umboni khalidwe lake. Imeneyi lamulo silikukakamizani kulemba, koma limaletsa kulemba yabodza.

Tiyerekeze mayi wa ku Woodlands amene anali ndi wantchito wa m'nyumba wochokera ku Kabwata kwa zaka zitatu. Wantchitoyo ankaphika bwino, sanabepo kanthu, koma kawiri konse anasiya khanda lokha m'nyumba n'kupita kumsika, ndipo anasiyana pachifukwa chimenechi. Tsopano wapeza malo kubanja lina ku Kabulonga, lokhalanso ndi mwana wamng'ono, ndipo akufuna kalata yonena kuti amasamala ana.

Mayiyu asalembe kalata imeneyo. Chifundo chake chingaike mwana wa eni pangozi, ndipo dzina limene lili pansi pa kalatayo ndi lake. Koma asazembenso. Chimene chimapweteka anthu kwambiri si kukanidwa ayi, ndi “mubwere mawa” wosatha. Munthu amawononga ndalama ya minibasi, amaima pageti dzuwa likuswa mtengo, tsiku lomaliza lopereka mapepala n'kumudutsa akudikira. Yankho liperekedwe tsiku lomwelo, pamaso kapena pafoni, ndipo mawu ake angakhale awa: “Amayi, kalata ya za ana sindingalembe, chifukwa mukudziwa zimene zinachitika. Satifiketi yanu ya ntchito nayi. Ngati mukufuna, ndingalembe za kuphika ndi kukhulupirika kwanu pa ndalama, poti zimenezo ndinaziona ndi maso anga.”

Njira yachitatu imeneyi, yolemba zoona zokhazokha zimene mukuzidziwa, ndimaiona kuti ndi yachilungamo kuposa kukaniratu. Kungoti kalatayo inene poyera kuti ikukamba za ntchito iti, kuti wowerenga asaganize kuti mukuchitira umboni zonse.

Nthawi zambiri vuto limabwera pambuyo pake, bwana watsopano akaimba foni kufunsa chifukwa chimene mwakanira. Apa gwirani pakamwa. Nenani zimene munaona nokha ndipo mungazitsimikizire. Mukanena kuti “ndi wakuba” pomwe mukungomuganizira, angathe kukutengerani kukhoti pamlandu woipitsa mbiri yake. Za matenda ake, za mimba, za m'banja mwake, musazitchule n'komwe. Ngati simukufuna kulowa nkhani, tsimikizani masiku amene anagwira ntchito, basi.

Dzifunseninso chifukwa chenicheni chokanira. Kusamudziwa bwino munthuyo, kusakhutira ndi ntchito yake, kapena lamulo la kampani loti makalata otere amalembedwa ndi ofesi yoona za antchito yokha, zonsezi n'zomveka. Koma kukana chifukwa anakakudandaulani ku Leba, kapena chifukwa cha mtundu wake kapena chipembedzo chake, ndi kubwezera ndi tsankho, ndipo lamulo lomweli pa gawo 5 limadana ndi tsankho pantchito.

Kwa aphunzitsi nkhani ndi yaifupi. Mwana amene munamuphunzitsa ku Chelstone zaka zambiri zapitazo, ndipo nkhope yake simukuikumbukira, muuzeni mosabisa kuti kalata yanu ingakhale yopanda mchere, ndipo mulozereni kwa mphunzitsi amene ankamudziwa bwino. Musamuuze kuti alembe yekha inu mungosaina osawerenga.

Nanu amene mwakanidwa, dziwani kuti simungakakamize munthu kukuyamikirani. Koma bwana akakumanani satifiketi ya ntchito, m'pempheni polemba kalata, sungani kope yake, ndipo akapitiriza kukana pitani ku ofesi ya Leba, pansi pa Unduna wa Zantchito, mutanyamula NRC yanu ndi pepala lililonse losonyeza kuti munkalandira malipiro kwa iye.