Mchere M'njerwa za Kuchigwa

Anzanga, nyanja yathu ilibe mchere, koma dothi lina la kuchigwa lili nawo. Popeza nyengo yasintha, madzi akusefukira kawirikawiri, monga inachitira nyanja mu 2024. Chinyezi chimakwera m'njerwa, ndipo chikauma chimasiya mchere woyera ngati ufa, njerwazo n'kuyamba kufumbutuka. Kumata simenti kumangokankhira chinyezicho m'mwamba.

Nanga ndalama zikachepa tiyambe kupulumutsa chiti? Taonani ku Mua, kumene ansembe anafika mu 1902. Zigoba za Gule Wamkulu za m'nyumba ya Chamare tingathe kuzinyamula, koma zithunzi zojambulidwa pa makoma ake sizinyamulika. Ine ndikuti tiyambire pamenepo, pokumba ngalande zopatutsa madzi ochokera kuphiri. Nyumba zatsopano zidikire, pakuti amisiri ake alipo.