Holo Yanu Pamsika: Mafunso ndi Mayankho

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Chelstone.

Akuti: "Ndili ndi holo yolowa anthu 250 kufupi ndi msewu wa Great East. Loweruka ndimalipiritsa K15,000. Ndasunga K12,000 yoti ndilengezere holoyi nyengo ya maukwati isanafike. Kodi ndiike chikwangwani chachikulu pamsewu?"

Amayi, chikwangwanicho chiyambe chadikira. Tengani kalendala kaye. Maukwati ambiri mu Lusaka amachitika mvula ikatha, ndipo amachulukana kuyambira Ogasiti. Kuchokera mwezi umenewu kufika kumapeto kwa Novembala kuli masiku a Loweruka 17 kapena 18 basi. Awo ndiwo malonda anu enieni, ndipo ngati holo ndi yosamalika, ambiri mwa masikuwa amadzigulitsa okha. Ndalama zikukupulumukani Lachisanu ndi Lamlungu, pomwe holo imangokhala yotseka koma mlonda mukumulipira.

Masiku amenewo alipo owafuna. Abale athu a Seventh-day Adventist samanga ukwati pa Sabata, ndiye ambiri amasankha Lamlungu. Alipo omangitsa ukwati ku Civic Centre mkati mwa sabata, ofuna malo odyerako ndi achibale madzulo ake. Ndiye pali kichini pate, imene imachitika ukwati usanafike. Amene walipira Loweruka la ukwati, muuzeni pomwepo kuti kichini pate akachitira kwa inu Lamlungu lina, mtengo ndi K10,000. Banja limodzi lakubweretserani K25,000, ndipo simunatsitse mtengo wa Loweruka. Umenewo musautsitse, chifukwa mukatero mukuchotsera munthu amene akanalipira ndalama zonse mosawiringula.

Tsono K12,000 yanuyo ipite kuti? Dzifunseni kuti amene amasankha holo ndi ndani. Kawirikawiri mkwati ndi mkwatibwi amamvera matroni wophunzitsa aperekezi kuvina, wokongoletsa malo, wophika, ndi komiti ya ukwati. Matroni mmodzi amayendetsa maukwati angapo pachaka, pamene mkwatibwi amakwatiwa kamodzi. Choncho mu Epulo kapena Meyi, itanani anthu amenewa tsiku limodzi adzaone holo. Wokongoletsa mmodzi akonze matebulo ngati paukwati weniweni. Iye apezapo makasitomala, inu mupezapo zithunzi. Tiyi ndi zokhwasula zisapitirire K4,000. Ndalama ina ngati yomweyo mupatse wojambula waluso, ajambule kanema wamfupi madzulo nyale zitayaka. Aonetse poimika magalimoto, zimbudzi, khitchini ndi jenereta ikulira. Chiyambire kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, komiti iliyonse imayamba yafunsa za jenereta isanafunse za maluwa.

Yotsalayo muzilipira pang'onopang'ono pa Facebook, kulunjika anthu a mu Lusaka okha, ndipo Lolemba lililonse ikani pa WhatsApp masiku amene akadali opanda mwini. Aliyense woimba foni mumufunse kuti wamva kwa ndani, mulembe m'buku. Pakatha mwezi mudzaona nokha njira imene ikubweretsa anthu. Mafoni akamachuluka koma obwera kudzaona holo palibe, dziwani kuti mtengo simunaulembe, ndipo anthu akungoimba kuti aumve. Akamabwera koma osalipira, vuto lili pamalopo, mwina kuzimbudzi kapena kwa amene akuwalandira.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wa ku Kabwata. Akuti chaka chatha anthu anasungitsa masiku pakamwa, tsiku litayandikira anazimiririka.

Abambo, tsiku losalipiridwa silinasungidwe. Landirani theka la ndalama, kapena gawo limodzi mwa magawo atatu, kudzera ku banki, Airtel Money kapena MTN, ndipo mupereke lisiti. Mulembe pepala losainirana lonena tsiku lomalizira ndalama, nthawi yotseka nyimbo, ndi zimene zimabwezedwa ukwati ukalephereka. Wofuna kukakambirana ndi komiti mum'patse sabata imodzi. Buku la masiku likhale limodzi, m'manja mwa munthu mmodzi. Kupereka Loweruka limodzi kwa mabanja awiri ndi mbiri imene imafika m'matchalitchi onse a Kabwata tsiku lisanathe.

Wachitatu ali ndi malo a kapinga ku Woodlands, ndipo akudandaula kuti a ku Kabulonga akumulanda makasitomala a mu Disembala.

Achimwene, mu Disembala kumagwa mvula, ndipo wochita ukwati pabwalo amaopa zimenezo. Gwirizanani ndi obwereketsa matenti kuti tenti ilowe mumtengo wanu, ndipo muilembe poyera pachilengezo. Disembala ndi mwezinso wa maphwando otsekera chaka a makampani. Makalata opita ku maofesi a m'tauni, a mumsewu wa Cairo ndi kwina, atumizeni mu Sepitembala, akuluakulu asanagawe ndalama za phwandolo.

Nthawi yatithera, omvera. Amene makalata anu sitinawawerenge, tidzayamba ndi inu sabata yamawa.