Kumasulira Nkhani ya mu PDF Popanda Kusokoneza Ndime



Teremu yathayi ndinapatsa ophunzira a Folomu 3 kabuku ka Chingerezi kofotokoza za wudhu kuti akamasulire m'Chichewa, makolo athe kuwerengera ana kunyumba. Kabukuko kanali mu fayilo ya PDF. Gulu lina linabweretsa ntchito ya Chichewa chomveka bwino, koma nditafika pa faradhi za wudhu ndinaima. Zinali motere: niya, kupaka madzi kumutu, kusamba nkhope, kusambitsa mapazi, kusambitsa mikono, ndipo pomaliza ndime yonena kuti zonsezi zichitike mwandondomeko.

Aliyense amene anakhalapo pa mkeka wa madrasa waona kale vuto. Kwa Imamu Shafi'i faradhi za wudhu zilipo 6, ndipo ya nambala 6 ndi ndondomeko yomweyo: nkhope, mikono mpaka m'zigongono, mutu, kenako mapazi mpaka mu akakolo, monga zatsatirana mu Sura Al-Maida, aya 6. Anawo sanalakwitse liwu ndi limodzi lomwe, komabe pepala lawo likanaphunzitsa mwana wudhu wosalondola. Nanga chinachitika n'chiyani?

PDF ndi mtundu wa fayilo umene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993, cholinga chake chili chakuti tsamba lizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse. Chimene imasunga kwenikweni ndi malo a zilembo: mawu awa akhale apa, awo akhale apo. Kawirikawiri siisunga zakuti ndime iyi ndi yoyamba, iyo ndi yachiwiri. Maso athu ndi amene amadziwa zimenezo. Mukakopera mawu, pulogalamu imangoyerekeza dongosolo lake, ndipo nthawi zina imaphonya.

Tsamba 3 la kabuku kathu linali logawidwa pawiri, ngati la nyuzipepala. Kumanzere kunali niya, nkhope ndi mikono. Kumanja kunali mutu, mapazi ndi ndondomeko. Munthu amatsika mbali ya kumanzere mpaka pansi, kenako n'kukayamba pamwamba kumanja. Pulogalamu inayenda modutsa, kutola ndime imodzi kumanzere, ina kumanja. M'malo mwa 1, 2, 3, 4, 5, 6 panatuluka 1, 4, 2, 5, 3, 6. Popeza ndimezo zinalibe manambala, ndipo iliyonse inali yomveka payokha, palibe anakayikira.

Tinaibwereza ntchitoyo, ndipo njira imene tinatsata ndi iyi.

Choyamba, onani kuti PDF yanu ndi yotani. Yesani kusankha liwu limodzi ndi mausi. Likadetsedwa palokha, muli zilembo zenizeni. Likakana, kapena tsamba lonse likasankhika pamodzi, ndiye kuti ndi chithunzi cha pepala. Chithunzi chimafuna pulogalamu yozindikira zilembo, imene pa kompyuta imalembedwa kuti OCR. Njira ina yapafupi ndi kuika fayiloyo mu Google Drive n'kuitsegula ndi Google Docs. Zotuluka m'menemo muziwerenge liwu ndi liwu, chifukwa makina amatha kusokoneza zilembo zofanana, monga l ndi 1.

Chachiwiri, musanakopere kalikonse, sindikizani tsambalo, mutenge pensulo, mulembe nambala pambali pa ndime iliyonse monga mmene munthu angawerengere. Ife tinalemba T3-1 mpaka T3-6, kutanthauza tsamba 3, ndime yoyamba mpaka ya nambala 6. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, chifukwa dongosolo likukhazikitsidwa ndi munthu amene akuona tsamba, makina asanakhudze.

Chachitatu, koperani mbali imodzi payokha, osati tsamba lonse. Mu Adobe Acrobat Reader, mukagwira batani la Alt pokoka mausi, mumasankha mbali imodzi yokha. Ikani mawuwo mu Word, ya kumanzere poyamba, ya kumanja pambuyo. Chotsani zimene si za nkhaniyo: mutu wa buku umene umabwerezedwa pamwamba pa tsamba lililonse, ndi nambala ya tsamba. Mawu aang'ono ofotokozera a m'munsi muwaike padera, chifukwa amakonda kulowerera pakati pa chiganizo. Samalaninso ndi ndime imene yayamba pansi kumanzere n'kukathera pamwamba kumanja, kapena patsamba lotsatira. Imeneyo ndi ndime imodzi, ilumikizeni musanamasulire. Chizindikiro chake n'chakuti chiganizo chatha popanda mpumiro, ndipo chidutswa chinacho chayamba ndi chilembo chaching'ono.

Chachinayi, mudzaona kuti mzere uliwonse waduka pawokha, ngati kuti ndi ndime. Kuti muilumikize, yambani mwasiya mzere wopanda kanthu pakati pa ndime zenizeni, poyang'ana pepala lanu la pensulo. Kenako dinani Ctrl ndi H pamodzi, musinthe katatu motsatana chonchi:

```
^p^p   ->   @@
^p     ->   (mpata umodzi)
@@     ->   ^p
```

Chizindikiro cha ^p chimaimira mapeto a ndime mu Word. Kusintha koyamba kukubisa malire enieni a ndime, kwachiwiri kukulumikiza mizere yoduka, kwachitatu kukubwezera malire aja. Mukayamba ndi kwachiwiri, tsamba lonse lisanduka ndime imodzi yaitali.

Chachisanu, pangani tebulo la magawo atatu: nambala, Chingerezi, Chichewa. Ndime iliyonse ikhale mu mzere wake. Masulirani mzere umodzi, mumalize, kenako wotsatira. Ngati Chichewa chikufuna ziganizo ziwiri pamene Chingerezi chili ndi chimodzi, palibe vuto, bola zikhale mu mzere womwewo. Ngati mwagawana ntchito anthu angapo, manambala aja ndi amene adzakuthandizeni kusonkhanitsa zidutswa popanda kukangana kuti chiyambe ndi chiti.

Pa Chiarabu pali chenjezo lapadera. Chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo zilembo zake zimalumikizana. Mukakopera kuchokera mu PDF, nthawi zina zilembo zimatembenuka, zimadukaduka, kapena fatha, kasra ndi dhamma zimasuntha. Choncho aya ya Qur'an musaikopere mwachisawawa. Siyani malo ake mu tebulo, mulembe dzina la Sura ndi nambala ya aya. Pomaliza ikanimo chithunzi cha ayayo chodulidwa patsamba loyambirira, kapena ilembedwe ndi wodziwa, kenako shehe aiyerekeze ndi Msahafu.

Kuwerenga kuti ndime zakwana sikokwanira. Gulu lija linali ndi ndime zonse 6, ndipo palibe inasowa. Pofufuza pamafunika anthu awiri. Wina agwire pepala la pensulo n'kuwerenga mawu oyamba ndi omaliza a ndime iliyonse, mnzake atsatire mu tebulo. Kenako wachitatu, amene sanaone Chingerezicho, awerenge Chichewa chokha mokweza. Akapeza mawu ngati "kenako" kapena "monga tanena pamwambapa" akuloza chinthu chimene sichinatchulidwe, dziwani kuti ndime ina yachoka pamalo pake. Manambala muwafufute pokhapokha zonsezi zitatha.

Kwa a komiti ya mzikiti, pempho langa ndi lakuti pepala lililonse lomasuliridwa lisanapachikidwe pa bolodi kapena kugawidwa tsiku la Ijumaa, muzipempha kuona tebulo lake la manambala pamodzi ndi tsamba loyambirira. Ophunzira a Folomu 3, tsamba 4 ndi la zinthu zimene zimaononga wudhu, nalonso ndi logawidwa pawiri. Bwerani nalo Lolemba mutalemba kale manambala ndi pensulo, Insha Allah.

Wassalamu alaikum.