Mbuzi zitatu ndi makasu: zomwe chiganizo chimodzi chidandiphunzitsa pa ntchito yomasulira

M'chaka changa chachiwiri, mphunzitsi wathu wa phunziro la kumasulira adalemba pabolodi chiganizo chimodzi cha Chingerezi nkutiuza kuti tichimasulire m'Chichewa. Chiganizocho chidali ichi: “The two tall women bought three big black goats and small new hoes, but they were expensive.” Ine ndidamaliza msanga poganiza kuti ntchitoyo idali yosavuta, pakuti mawu onse ndinkawadziwa. Pepala langa litabwera, ndidapeza mzere wofiira pansi pa mawu awiri otsiriza komanso funso lakuti, “Odulawo ndani, amayiwo?” M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza momwe ndidalakwira, ndipo potero ndionetse kuti magulu a mayina ndi agwirizanitsi amakakamiza womasulira kusankha tanthauzo pamalo pomwe Chingerezi chimangosiya nkhani m'malere.

Ambiri a ife tidaphunzira magulu a mayina kusekondale powatchula kuti Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, U-Ma, Ka-Ti ndi ena otero. Akatswiri a zilankhulo za Chibantu amawapatsa manambala, potsatira njira yomwe adayamba Wilhelm Bleek m'zaka za m'ma 1860 ndipo adaikonzanso Carl Meinhof. Pa njira imeneyi umodzi uli ndi nambala yake, kuchuluka kulinso ndi yake, kotero kuti Mu-A ndi magulu 1 ndi 2, Li-Ma ndi 5 ndi 6, pomwe I-Zi ndi 9 ndi 10. Chiganizo chathu chili ndi mayina atatu ndipo akuchokera m'magulu atatu omwewa.

Chingerezi chidaonetsa kuchuluka pa dzina lililonse palokha. Mawu oti “goats” ndi “hoes” ali ndi lembo la s kumapeto, pomwe “women” adasintha lembo la mkati. M'Chichewa dzina limodzi lokha mwa atatuwa ndilo likuonetsa kuchuluka mosakayikitsa. Khasu likachuluka timati makasu: taphatikiza ma- kumayambiriro ndipo kh wasanduka k, monga momwe phiri limakhalira mapiri. Dzina loti mbuzi silisintha konse. Munthu akati, “Ndagula mbuzi,” sitingadziwe ngati wagula imodzi kapena khola lonse. Timadziwa pokhapokha pabwere mawu ena ogwirizana nalo, monga mbuzi yaikulu kapena mbuzi zazikulu, mbuzi yathawa kapena mbuzi zathawa. Choncho ntchito yomwe lembo la s likugwira m'Chingerezi, m'Chichewa ikugwiridwa ndi mgwirizanitsi yemwe ali pa mfotokozi kapena pa mneni.

Dzina loti amayi lili ndi vuto lakelake. Pa galamala ndi dzina lochulukitsa la mayi, koma timaligwiritsanso ntchito polemekeza munthu mmodzi. Mmalawi aliyense akamva kuti “amayi aatali adagula mbuzi” akhoza kuganiza za mayi mmodzi wolemekezeka. M'chiganizo chathu tidapulumuka chifukwa cha mawu oti awiri. Pakadapanda nambalayo, womasulira akadayenera kupeza njira ina, mwina kunena kuti azimayi kapena kubwereza tsinde la mfotokozi nkuti amayi ataliatali.

Afotokozi ndiwo adanditengera nthawi yaitali kuti ndiwamvetse, ngakhale kuti powayankhula sindilakwitsa. M'Chingerezi mawu oti “tall”, “big”, “black”, “small” ndi “new” ndi amtundu umodzi. Onse amaima kumayambiriro, dzina lisanabwere, ndipo sasintha kaya dzinalo ndi lachinthu chimodzi kapena zambiri. M'Chichewa afotokozi amatsatira dzina, ndipo asanuwa sadapangidwe mofanana.

Pali kagulu kochepa ka matsinde omwe ndi afotokozi enieni, monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi ndi -wisi. Amenewa amatenga aphatikiri awiri, ndipo onse awiriwo amagwirizana ndi dzina. Mawu oti zazikulu tikhoza kuwaphwanya motere: za-zi-kulu. Pa khasu timati la-li-kulu, pa mbuzi imodzi ya-i-kulu, pa munthu wa-m-kulu. Pa amayi ndi makasu aphatikiri onse awiri ndi a-, nchifukwa chake timalemba aatali ndi aang'ono. Anzathu ambiri amalemba a mmodzi yekha, atali kapena ang'ono, chifukwa poyankhula mofulumira mawuwo amamveka choncho. Munthu akafuna kutsimikiza kuti aphatikiriwo alipodi awiri, angosintha gulu la dzina: palibe amene amati mbuzi zatali kapena khasu latali.

Mawu oti zakuda adachokera kwina. Muzu wake ndi mneni woti kuda, ndipo za- waphatikizidwa ku mneni yenseyo: za-kuda. Mneni akakhala wa maphatikizo ochuluka, a ndi ku amalumikizana nkukhala o. Ndiye chifukwa chake za-kuyera amasanduka zoyera ndipo za-kudula amasanduka zodula, pomwe zakuda ndi zakupsa sasintha popeza matsinde ake, -da ndi -psa, ali ndi phatikizo limodzi lokha. Mawu oti atsopano nawo ndi mgwirizanitsi a- wophatikizidwa ku mawu oti tsopano, monga momwe timapangira abwino kapena anzeru. Manambala kuyambira 1 mpaka 5 amatenga mphatikiri mmodzi basi: a-wiri, zi-tatu. Wophunzira Chichewa wakunja akati mbuzi zazitatu, ndiye kuti watenga lamulo la -kulu nkuliika pomwe siliyenera.

Gawo loyamba la chiganizo ndidalimasulira motere: “Amayi awiri aatali adagula mbuzi zitatu zazikulu zakuda ndi makasu aang'ono atsopano.” Apa mphunzitsi sadapeze cholakwika. Adangolemba m'mphepete kuti makasu ang'onoang'ono ndiwo mawu omwe munthu angamve pamsika, ndipo ndikugwirizana nawo. Mnzanga wina adalemba kuti timakasu tatsopano. Pa galamala adakhoza, pakuti atasamutsira dzinalo m'gulu la Ka-Ti adasinthanso mgwirizanitsi kukhala ta-. Komabe ine sindikadasankha choncho, chifukwa ti- sangochepetsa msinkhu wa chinthu. Nthawi zambiri amachinyozanso. Timakasu tikhoza kumveka ngati makasu achabechabe, zomwe mlembi wa Chingerezi sadanene.

Tsopano ndifike pomwe ndidagwa. Gawo lotsiriza, “but they were expensive”, ndidalimasulira kuti “koma adali odula”. Mlowam'malo wa Chingerezi woti “they” amaimira chilichonse chochuluka, kaya anthu, ziweto kapena zipangizo. M'Chichewa mneni sangaime popanda mgwirizanitsi, ndipo mgwirizanitsiyo amaloza gulu la dzina. Ine ndidatenga a- chifukwa dzina lomwe ndidali nditangolemba kumene lidali makasu. Sindidaganize kuti gulu 6, la makasu, ndi gulu 2, la amayi, ali ndi agwirizanitsi ofanana. Timati makasu adali odula, timatinso amayi adali odula. Kotero chiganizo changa chinkatanthauza kuti makasu okha ndiwo adadula, mbuzi ayi, kapenanso kuti amayi enieniwo ndiwo adali pamtengo. Tanthauzo lomwe mlembi ayenera kuti ankafuna, loti zonse zomwe zidagulidwa zidali zokwera mtengo, silidalimo nkomwe.

Funso ndi lakuti, mayina awiri a magulu osiyana akalumikizidwa ndi mlumikizi ndi, mneni atsate liti? Nkhaniyi adaifufuza Greville Corbett ndi Al Mtenje mu 1987, ndipo zomwe adapeza zikugwirizana ndi zomwe khutu langa limavomera. Mayinawo akakhala a anthu, mneni amatenga a-, ngakhale limodzi mwa iwo litakhala la gulu lina: mwana ndi mfumu afika. Akakhala a zinthu zomwe si anthu, mneni amatenga zi-, ngati kuti tikunena kuti zinthu: mbuzi ndi khasu zasowa. Munthu ndi chinthu zikalumikizidwa, palibe mgwirizanitsi amene amamveka bwino, ndipo timangothawa nkumanga chiganizo mwa njira ina. M'malo monena kuti mnyamata ndi mbuzi afika kapena zafika, timati mnyamata wafika ndi mbuzi.

Potsatira lamuloli ndikadayenera kulemba kuti “koma zidali zodula”. Izi zikuchotsa amayi aja pamsika, koma vuto silidathe lonse, pakuti zi- ndi mgwirizanitsinso wa mbuzi. Wowerenga akhoza kumva kuti mbuzi zokha ndizo zidadula ndipo makasu adali otchipa. Nditalembanso ntchitoyo ndidawonjezera liwu limodzi: “koma zonsezi zidali zodula”. M'Chingerezi mudalibe liwu lotanthauza zonse, ndipo mnzanga wina adanditsutsa kuti ndawonjezera zanga. Yankho langa lidali lakuti popanda liwulo ndikadachepetsa tanthauzo. Ndikuvomera kuti pamenepa ndidasankha ndekha. Chiganizocho chikadakhala m'kati mwa ndime, ndipo ndime yotsatira nkumadandaula za mtengo wa mbuzi zokha, kumasulira kolondola kukadakhala “koma mbuzizo zidali zodula”.

Vuto lomweli limaonekeranso pa afotokozi, ndipo pamenepa ndi losavuta kuliphonya. Tiyerekeze kuti chiganizo chidangoti “big goats and hoes”. M'Chingerezi mbuzi ndi zazikulu mosakayikitsa, popeza mfotokozi wagundana nazo, koma za makasu sitikudziwa bwino. Womasulira wothamanga amasonkhanitsa mayina onse awiri nkuika mfotokozi kumapeto: mbuzi ndi makasu aakulu. Tanthauzo latembenuka. Tsopano makasu ndiwo aakulu, ndipo aa- watsekera mbuzi kunja. Kunena kuti mbuzi ndi makasu zazikulu sikumveka bwino m'khutu, ngakhale kuti zi- amaloledwa pa mneni. Njira yomwe ndimatsata ndi kubwereza mfotokozi pa dzina lililonse ngati ndatsimikiza kuti akufotokoza onse awiri, mbuzi zazikulu ndi makasu aakulu, kapena kumusiya pa mbuzi pokha ngati nkhaniyo ikusonyeza choncho.

Kuyambira nthawi imeneyo, ndikamaliza kumasulira ndimatseka pepala la Chingerezi nkuwerenga Chichewa chokhacho. Pa mgwirizanitsi aliyense ndimabwerera m'mbuyo ndi chala kufunafuna mayina onse omwe angamulandire. Ndikapeza limodzi lokha ndimapitirira, koma ndikapeza awiri ndimadzifunsa ngati wowerenga angasokonezeke. Malo ofunika kusamala ndi atatu. Mgwirizanitsi a- ndi wa magulu 2 ndi 6, zi- ndi wa magulu 8 ndi 10, ndipo i- ndi wa magulu 4 ndi 9. Wotsirizayu ndiye wonyenga kwambiri chifukwa m'gulu lina akusonyeza kuchuluka pomwe m'gulu linalo akusonyeza umodzi: timati mitengo yaitali yagwa, timatinso nyumba yaitali yagwa. M'ndime yomwe muli mitengo ndi nyumba, liwu loti yagwa palokha silingauze wowerenga ngati chagwa ndi chinthu chimodzi kapena zambiri, ngakhale kuti m'Chingerezi “it” ndi “they” adasiyanitsa bwinobwino. Pamenepo ndimabwereza dzina nkulemba kuti mitengoyo yagwa kapena nyumbayo yagwa.