Kupha mwadala kapena mwangozi: khoti limayang'ana chiyani?

Kupha munthu si mlandu umodzi. Malamulo a milandu ndi zilango a dziko lino amaika kupha mwadala mu gawo 209, ndipo kupha kosakonzekera, komwe ambiri timati kupha mwangozi, kuli mu gawo 208. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi zomwe zinali mumtima mwa wopha. Ambiri amaganiza kuti kunena kuti "sindimafuna kumupha" n'kokwanira. Ayi. Gawo 212 limati ngakhale wofuna kungovulaza mnzake modetsa nkhawa, mnzakeyo akafa, wapha mwadala.

Tiyerekeze kuti amuna awiri akangana pamalo omwera mowa ku Chinsapo. Wina wamenya mnzake khofi pagulu. Womenyedwayo, mtima uli m'mwamba, watola botolo pomwepo n'kumutema nalo kumutu, munthu uja n'kufa. Apa gawo 213 likhoza kutsitsa mlandu kukhala wakupha mwangozi, chifukwa anaputidwa mwadzidzidzi ndipo anachita zimenezi mkwiyo usanaphwe.

Koma akanakhala kuti anachoka, kupita kwawo ku Biwi, kutenga chikwanje n'kubwerera kudzamusaka, nkhani ndi ina. Ulendo wonsewo inali nthawi yoti mtima ukhale pansi. Kumeneko n'kubwezera, ndipo khoti lidzati wapha mwadala.

Woweruza safunsa ngati inuyo ndinu wamtima wapachala. Amafunsa ngati munthu wamba wa m'dera lanu akanalephera kuugwira mtima atachitidwa zomwezo. Chimene mnzanu wachita movomerezeka ndi lamulo, monga kukuitanitsani ngongole yake mwaulemu, si kuputa.

Njira ina yotsitsira mlandu ili mu gawo 214A, yokhudza munthu amene maganizo ake anali osokonekera chifukwa cha matenda, kuvulala kapena chibadwa, mwakuti sakanaweruza bwino zochita zake. Uyu si wamisala yoti sadziwa n'komwe chimene akuchita. Apa pamafunika umboni wa dokotala wa matenda a ubongo, monga wa ku chipatala cha Zomba Mental, choncho achibale asunge mabuku a kuchipatala a wodwalayo.

Njira ziwirizi sizimasula munthu, zimangotsitsa mlandu. Wopha mwangozi akhoza kulamulidwa kukhala kundende mpaka moyo wake wonse, ngakhale nthawi zambiri zimakhala zaka zowerengeka. Wopha mwadala akhoza kulamulidwa kunyongedwa kapena kukhala kundende, chifukwa mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khoti linagamula kuti chilango cha imfa chisakhale chokakamiza.

Milandu iyi imazengedwa ku khoti lalikulu. M'bale wanu akamangidwa, kaya ali kupolisi ya Kawale kaya wafika kale ku Maula, ali ndi ufulu wokhala chete ndi wooneka pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Pitani msanga ku Legal Aid Bureau mukapemphe loya, ndipo lembani mayina a onse amene anaona mmene mkangano unayambira asanabalalike.