Tsamba lachinyengo: tingalizindikire bwanji, nanga tikakodwa titani?

Tiyerekeze kuti tili patchuthi ku Senga Bay, m'boma la Salima. Uthenga walowa kuchokera kwa mnzathu wa m'kalasi: "Ase, undivotere pa mpikisano wa zithunzi za kunyanja." Tadina linki, ndipo patuluka tsamba lokhala ngati la Facebook ndendende, likufuna nambala ya foni ndi pasiwedi. Dzuwa likuthobwa m'maso, tizilembo ta pamwamba sitikuoneka bwino, ndiye tangolemba. Tsamba lija lati pasiwedi ndi yolakwika, kenako latitumiza ku Facebook yeniyeni. Pamenepa pasiwedi yathu ili kale m'manja mwa akathyali, monga zinamuchitikira mnzathu uja, poti uthengawo sanalembe ndi iye.

Mtundu ndi chizindikiro cha kampani n'zosavuta kukopera. Ngakhale kachithunzi ka loko sikatsimikizira kuti tsamba ndi la eni ake, chifukwa akathyali nawo amakapeza. Chimene sangakopere ndi adiresi. Taonani ziwirizi, yachiwiriyo ndi yongopeka:

```
https://m.facebook.com/login
https://facebook.com.mavoti.example/login
```

Tidumphe `https://` n'kupeza kamzere koyamba ka `/`. Mayina awiri omaliza tisanafike pa kamzereko ndiwo akutiuza mwini tsamba. Yoyambayo ndi `facebook.com`, pomwe yachiwiri ndi `mavoti.example`. Mawu a `facebook.com` omwe ali kumayambiriro kwake ndi nyambo chabe. Foni imadula adiresi yaitali, choncho tiidine kuti ioneke yonse. Tidzifunsenso kuti: ngati tinalowa kale mu Facebook pafoniyi, akufuniranjinso pasiwedi?

Tikazindikira kuti talemba kale, tisadikire kufika kunyumba. Titseke tsambalo, titsegule tokha pulogalamu ya Facebook, tipite pa `Accounts Center`, kenako `Password and security`, n'kusintha pasiwedi. Pomwepo pali `Where you're logged in`, pamene tingatulutse foni iliyonse yachilendo. Tionenso ngati sanaikemo imelo kapena nambala yawo, chifukwa kumeneko n'komwe angadzabwererenso. Ngati atitsekera kale kunja, tilembe tokha `facebook.com/hacked`.

Akathyali amakayesa pasiwedi yomweyo kwina. Ngati ndi imene timatsegulira imelo kapena akaunti ya kusukulu, tisinthenso kumeneko, kuyambira imelo, popeza ndiyo imalandira mauthenga osinthira mapasiwedi ena. Kenako tiyatse `Two-factor authentication`. Komatu chitetezochi chili ndi malire: tsamba labodza lingathe kupemphanso manambala obwera pafoni aja, ndipo tikawalemba, tawatsegulira tokha chitseko.

Pomaliza, tiimbire makolo ndi anzathu kuti asatumize ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba akalandira uthenga wa m'dzina lathu wonena kuti tasowa thiransipoti ku Salima. Wina akaberedwa kale, asunge mauthengawo ndi nambala imene inalandira ndalama, n'kukanena kupolisi.