Kalata ya masamba atatu ikhale ya mizere khumi: mafunso ndi mayankho

Bilu ya madzi yandipweteka ndipo ndalemba masamba atatu. Chalakwika n'chiyani?

Zonse mwalembazo zikhoza kukhala zoona, koma ganizirani amene akaziwerenge. Ndi kalaliki amene pa tebulo pake padzaza makalata, ndipo ntchito yake ndi kuona kuti nkhani iliyonse ipite kwa yani: kwa owerenga mamita, kwa okonza mabilu kapena kwa okonza mapaipi. Ngati pempho lanu lili pa tsamba lachitatu, kumbuyo kwa nkhani ya mzere umene munaimapo kuyambira m'mawa, kalata yanu idzayamba yadikira.

Ndidule ziti, ndisiye ziti?

Tengani cholembera, muzungulize nambala iliyonse, tsiku lililonse ndi mawu onena zimene mukufuna kuti zichitike. Zimene simunazungulize, zambiri zichoke.

Tiyerekeze mayi wina amene amalipira madzi mwezi ukatha. M'kalata yake muli zaka zimene wakhala pa nyumbayo, mwano wa mlonda wa pa geti, kukwera mtengo kwa chimanga, ndi aneba amene mabilu awo ndi ochepa. Pakati pa zonsezi pabisala chiganizo chimodzi chimene chingamupulumutse: bilu ya pa 3 Epulo ikuti mita inali pa 1,480, koma iye atayang'ana pa 10 Epulo inali pa 1,412. Mita sibwerera m'mbuyo. Ndiye kuti wowerenga analemba molakwika, kapena sanafike n'komwe, nambalayo anangoyerekeza. Kusiyana kwake ndi mayunitsi 68, ndipo poti yuniti imodzi ndi malita 1,000, mayiyu akulipiritsidwa migolo 340 ya malita 200 imene sinadutse pa mpopi wake. Mlandu wonse wagona pamenepa, ndipo nkhani ya aneba ingoufooketsa, chifukwa ofesi idzayankha kuti banja lililonse limagwiritsa ntchito madzi mosiyana.

Powerenga mita, lembani manambala akuda. Ofiira amaonetsa malita osakwana yuniti.

Kalata yofupikitsidwayo ioneke bwanji?

Pamwamba pakhale dzina, nambala ya akaunti, nambala ya mita, ya foni ndi tsiku, tinene 6 Meyi 2025. Kenako:

*Wokondedwa Bwana,*

*BILU YOLAKWIKA YA PA 3 EPULO 2025*

*Bilu imeneyi ikuonetsa kuti mita yanga inali pa 1,480. Pa 10 Epulo inali pa 1,412, monga chikuonetsera chithunzi chimene ndaphatikiza. Ndinadandaula ku ofesi kwanu pa 11 Epulo, ndinaimbanso foni pa 25 Epulo, koma palibe amene wabwera.*

*Ndikupempha kuti mutumize munthu adzawerenge mita ine ndilipo, muchotse mayunitsi amene mwawonjezera, ndiponso musadule madzi nkhaniyi isanathe. Ndalipira ndalama zofanana ndi za mwezi wa Malichi, lisiti ndaphatikizanso.*

*Mundiyankhe polemba pofika pa 20 Meyi 2025. Tsikuli likadutsa, ndidzatengera nkhaniyi kwa akuluakulu a bungwe lanu.*

*Ine wanu,*

Bwanji osangolemba kuti "mwachangu"?

Chifukwa "mwachangu" alibe tsiku lothera. Pa 21 Meyi mungathe kuloza kalata n'kunena kuti nthawi yadutsa. Ndi "mwachangu" simungaloze chilichonse. Chimodzimodzi "mwezi watha" kapena "tsiku lijali": kalata ikagona mu failo masabata atatu, mawuwa sadziwikanso kuti akunena liti. Masiku 14 a pakati pa 6 ndi 20 Meyi mwasankha ndinu kuti muwapatse mpata wokwanira, choncho musalembe ngati ndi lamulo.

Kodi kalata yaifupi chonchi si mwano?

Ambirife tinaleredwa kuti wamkulu sumuyamba ndi pempho, uyambe wamufunsa mmene wadzukira. Pa khonde n'zoona. M'kalata ya ku ofesi ulemu uli mu "Wokondedwa Bwana", mu "ndikupempha", ndi posatchula aliyense kuti wakuba. Mawu oti wakuba achotseni ngakhale mtima ukuwawa, chifukwa yankho lidzathera pokana za kubazo, bilu osakhudzidwa.

Ndingawaopseze kuti ndipita ku khoti?

Lembani chokhacho chimene mudzachitedi. Ngati bungwe lakhala chete mpaka kumtunda, kuli ofesi ya Ombudsman, imene imamva madandaulo okhudza mabungwe a boma. Nkhani ikakhala ya magetsi, kulinso MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu. Kumeneko adzafuna kuona umboni woti munayamba mwadandaula kwa eni ake.

Umboni umenewo ndiupeza bwanji?

Pitani ndi makope awiri. Limodzi musiye, linalo akudindireni chidindo cha tsiku limenelo mubwerere nalo. Akakupatsani nambala ya dandaulo, ilembeni pa kope lanulo. Bilu ndi malisiti enieni zikhale kunyumba. Ku ofesi kupite mafotokope okha. Chithunzi cha mita chionetse manambala pamodzi ndi nambala ya mitayo, kuti pasakhale wonena kuti munajambula ya aneba.